Musanatsike m'thanki kapena m'dzenje la suweji: mafunso ndi mayankho

Ndagwira ntchito yoona za chitetezo m'mafakitale a kuno ku Blantyre kwa zaka zambiri, ku Makata, ku Chirimba ndi ku Limbe komwe. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amandifunsa akapitawo, amisiri a mapaipi, owotcherera zitsulo ndi anyamata aganyu, nthawi zambiri titaimirira pakamwa pa dzenje, chivundikiro chili pambali. Ndawayankha monga ndimayankhira pamenepo.

Kodi malo opanikizika amene mumanenawa ndi ati?

Ndi malo alionse amene munthu angathe kulowamo thupi lonse, koma khomo lake ndi lovuta kulowera ndi kutulukira, ndipo sanamangidwe kuti munthu azikhalamo. Thanki ya madzi kapena ya mafuta, dzenje la suweji, sepitiki thanki ya panyumba, nkhokwe yachitsulo ya chimanga, boila, chitsime, ngalande yotsekedwa pamwamba, zonsezi zili m'gulu limeneli. Kukula si nkhani. Thanki yaikulu ngati nyumba ikhoza kupha mofanana ndi kadzenje kolekeza m'khosi. Ndipo kulowa kumayamba pamene mwalowetsa mutu. Munthu amene wagwada n'kusuzumira kuti aone chatseka paipi walowa kale, chifukwa mphuno yake ili m'katimo, ndipo akachita chizungulire amagwera komweko.

Timalowamo chaka ndi chaka, palibe anafapo. Chasintha n'chiyani?

Dzenje ndi lomwelo, koma mpweya wa m'menemo si wa chaka chatha, ngakhale wa dzulo. Matope a pansi akamaola amadya okosijeni n'kumatulutsa mipweya ina. Kukatentha, monga mu Okutobala, kuolako kumafulumira. Chitsulo chikamachita dzimbiri m'thanki yotseka chimamwanso okosijeni mwakachetechete, mwakuti thanki youma, yopanda kanthu, yooneka yaukhondo, ikhoza kukhala yoopsa kuposa yonunkha. Mu suweji, wina wa kumtunda akhoza kutaya petulo kapena mankhwala m'ngalande inu osadziwa.

Mpweya wabwino uli ndi okosijeni wokwana 20.9 peresenti. Akatsika kufika cha m'ma 16, munthu amapuma mofulumira ndipo nzeru zimayamba kusokonekera, koma iye sazindikira. Akafika pansi pa 10 amakomoka. Pa 6 ndi nkhani ya mphindi zochepa. Choopsa n'chakuti thupi silichenjeza bwino za kuchepa kwa okosijeni. Simumva kubanika monga mukamira m'madzi. Mumangoona miyendo yalemera pa makwerero, basi.

Fungo silingatiuze? Suweji woopsa amanunkha ngati mazira oola.

Funso ili ndimalitenga mofatsa chifukwa ndi pamene anthu ozolowera ntchito amapusitsika. Fungo la mazira oolalo ndi mpweya wotchedwa haidirojeni safaidi, umene pa makina oyezera umalembedwa H2S. N'zoona kuti mphuno imaumva ukakhala wochepa kwambiri. Koma ukachuluka kufika cha m'ma 100 ppm umapha mphamvu ya mphuno yomva fungo. Munthu amatsika akumva kununkha, pakapita kanthawi fungo lija lazimiririka, iye n'kufuula kuti "kwayera kuno, tsikani." Pamenepo mpweyawo sunachoke, wachuluka. Ukapitirira 700 ppm munthu amagwa atangopuma kamodzi kapena kawiri, osakuwa n'komwe. Mawu akuti ppm akutanthauza magawo angati mwa magawo miliyoni a mpweya, ndiye mukhoza kuona kuchepa kwa mlingo umene ukugwetsa bambo wamphamvu zake.

Mipweya ina ilibe fungo n'komwe. Kaboni monokisaidi, CO pa makina, amene amachokera ku utsi wa injini ndi makala, sanunkha. Metheni, amene amayaka ndi kuphulika, sanunkha. Kuchepa kwa okosijeni nakonso kulibe fungo.

Ndionjezere ziwiri zimene ndimazimva kawirikawiri. Kutsitsa kandulo kapena nyali pa chingwe si kuyeza: ngati muli metheni mwayatsa bomba, ndipo kandulo imayaka bwinobwino mu haidirojeni safaidi wokwanira kupha. Kumwa mkaka musanalowe kapena mutatuluka sikuteteza chilichonse. Mkaka umapita m'mimba, mpweya umapita m'mapapo.

Makina oyezera amayeza chiyani, nanga manambala abwino ndi ati?

Makina amene ambiri tili nawo, aja okwana m'dzanja, amayeza zinthu zinayi, ndipo timawerenga motsatana. Poyamba okosijeni, O2: akhale pakati pa 19.5 ndi 23.5 peresenti. Kachiwiri mpweya woyaka, umene umaoneka ngati LEL: ukhale pansi pa 10 peresenti, ndipo ngati mukukawotcherera kapena kudula chitsulo ine ndimafuna 0. Pomaliza ya poizoni: makina ambiri amalira H2S akafika 10 ppm, ndi CO akafika 35 ppm, ngakhale makampani ena amaika malire otsikirapo.

Timayamba ndi okosijeni chifukwa kachipangizo koyeza mpweya woyaka m'makina ambiri kamagwira ntchito powotcha pang'ono mpweyawo m'kati mwake. Okosijeni akachepa kwambiri kamalephera kuwotcha, n'kukuonetsani nambala yaing'ono yabodza. LEL ndi mlingo wochepetsetsa umene mpweya ungayakire. Metheni amayamba kuyaka akafika 5 peresenti ya mpweya wonse, ndiye makina akati 10 peresenti ya LEL ndiye kuti mwafika gawo limodzi mwa magawo khumi a ulendo wopita ku moto.

Koma 19.5 musamutenge ngati chikhululukiro. Makina akaonetsa 19.9, alamu salira, komabe dzifunseni kuti okosijeni wasowayo wapita kuti. Okosijeni ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a mpweya, choncho kuti atsike ndi 1 peresenti, chinthu china chokwana pafupifupi 5 peresenti chalowa n'kukankha mpweya wabwino. Ngati chinthucho ndi kaboni dayokisaidi, amene amadzaza m'mathanki ofululira mowa ndi mosungira chimanga chonyowa, 5 peresenti ndi yokwanira kumudwalitsa munthu kwambiri, ndipo makina a mipweya inayi aja samuona. Nambala iliyonse yosiyana ndi 20.9 imafuna kufotokozedwa musanatsike.

Kuyezako kumachitika bwanji kwenikweni?

Muyambe ndi makinawo. Ayatseni panja, kutali ndi utsi wa galimoto, muone kuti akuonetsa 20.9 ndi maziro. Kenaka apopereni mpweya wa m'kabotolo koyesera kuti muone ngati alamu onse akulira. Izi zichitike tsiku lililonse logwiritsa ntchito. Tizipangizo ta m'kati timatha mphamvu, ndipo kakufa kamangoonetsa 0, nambala yomwe aliyense amakondwera nayo. Kabotoloko kamadula ndipo kamatha nthawi yake, ndikudziwa, koma makina osayesedwa ndi oipa kuposa kusakhala nawo chifukwa amakulimbitsani mtima pachabe.

Ngati chivundikiro chili ndi kabowo, yezerani pamenepo musanatsekule. Mukatsekula imani kumene mphepo ikuchokera. Tsitsani kapaipi ka makina inu muli panja, ndipo yezani pamwamba, pakati ndi pansi, osadumpha mtunda woposa mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Mipweya imakhala m'magulu: metheni ndi wopepuka, amasonkhana kudenga; haidirojeni safaidi, kaboni dayokisaidi ndi nthunzi ya petulo n'zolemera, zimagona pansi; kaboni monokisaidi amasakanikirana paliponse. Pamalo alionse dikirani mphindi ziwiri kuti mpweya uyende m'kapaipi ufike ku makina, manambala akhazikike. Amene amatsitsa kapaipi n'kukakoka ngati akuwedza usipa sanayeze kanthu. Samalaninso kuti kapaipi kasamwe madzi a pansi, kamaononga makina.

Kuyeza sikuthera pakhomo. Wolowayo avale makina pachifuwa, pafupi ndi mphuno, nthawi yonse ali m'kati.

Mungatipatse chitsanzo cha ntchito imodzi, kuyambira poyamba?

Ndikuuzani ya pa fakitale ina yopanga zakudya ku Makata. Pampu ya m'dzenje losonkhanitsira madzi oipa inatsekeka ndi nsanza ndi mafuta oundana, ndipo unyolo woikokera kumwamba unali utaduka. Dzenjelo ndi lakuya mamita 4, m'lifupi ndi m'litali mamita awiriawiri, khomo lake lozungulira la masentimita 60. Pansi panali matope akuda olekeza m'mawondo.

Tinayamba ndi kutseka zonse zolowa. Magetsi a pampu tinathimitsa ku bokosi lake n'kukhomapo loko, kiyi ali m'thumba la wolowayo. Valuvu ya paipi yobweretsa madzi tinaitseka n'kuimanga ndi tcheni, ndipo a mbali yotsuka mathanki tinawauza kuti asatsegule madzi mpaka titabweza chilolezo cholowera m'dzenje.

Nthawi ya 7:40 m'mawa tinayeza. Pakamwa okosijeni anali 20.8, H2S 2 ppm. Munthu wongoyeza pamenepo akanasaina. Pa mamita awiri okosijeni anali 20.1, H2S 14. Pamwamba penipeni pa matope okosijeni anali 17.8, H2S 46, LEL 12. Tinaika fani yokankha mpweya, paipi yake yaikulu yofika pafupi ndi pansi, kwa theka la ola. Titayezanso malo onse atatu tinapeza 20.9, LEL 0, H2S 0. Chilolezo chinasainidwa, mmisiri anavala hanesi, malamba omanga thupi aja, tinamukola ku winchi yopukusira chingwe chomukokera kumwamba, anatsika fani ikuzungulira.

Sipanathe mphindi zitatu. Atangoponda m'matope n'kuyamba kugwedeza pampu, makina a pachifuwa pake analira, H2S 28 ndipo ikukwerabe. Mlonda wa pakhomo pa dzenje, woyang'anira wolowayo, anamuuza kuti akwere, iye n'kuyankha kuti, "Dikirani pang'ono achimwene, yatsala pang'ono kumasuka." Mlondayo sanakambirane naye, anayamba kupukusa winchi. Mmisiri anatuluka atakwiya, maso akuyabwa, misozi ili mbwembwembwe.

Cholakwa chinali chathu okonza ntchito. Tinayeza mpweya koma sitinaganizire za matope. Haidirojeni safaidi amabisala m'matopemo monga mpweya wa m'botolo la chakumwa, mukavundula amatuluka nthawi imodzi. Tinafafaniza chilolezo chija, tinaitanitsa galimoto yopopa zimbudzi, inayamwa matope onse tili pamwamba, tinatsuka ndi paipi ya madzi, tinapemereranso, tinayezanso, n'kulemba chilolezo chatsopano. Mmisiri anatsikanso cha m'ma 2 koloko masana, ntchito inatenga mphindi 25. Sabata yotsatira tinaika unyolo wosachita dzimbiri kuti pampu izikokedwa munthu ali pamwamba, ndipo kunena zoona funso limenelo ndi limene tinayenera kuyamba nalo: kodi n'kofunikadi kuti munthu alowe?

Chilolezo cholowera si pepala chabe lotetezera abwana zinthu zikavuta?

Chimasanduka chotero chikasainidwa mu ofesi. Ndinaonapo kapitawo atasaina mapepala asanu Lolemba m'mawa, opanda manambala, kuti anyamata azingotenga sabata yonse. Limenelo ndi pepala chabe, ndipo limandipweteka mtima kuposa kusakhala nalo.

Chilolezo chenicheni chimalembedwa pakamwa pa dzenje, wosainayo ataona ndi maso ake. Chimatchula dzenje lake ndi ntchito yake, maina a olowa, dzina la mlonda wa pakhomo, zoopsa zimene zapezeka, mavaluvu ndi maswitchi amene akhomedwa, manambala a mpweya pamodzi ndi nthawi imene anayezedwa ndi amene anayeza, ndiponso mmene munthu atulutsidwire akakomoka. Chimapachikidwa pomwepo kuti wolowa awerenge yekha, ndipo ali ndi ufulu woona makina akuyeza. Ngati wina satha kuwerenga Chingerezi, muwerengereni m'Chichewa, mzere ndi mzere.

Chimagwira ntchito imodzi, shifiti imodzi. Alamu akalira, fani ikaima, mvula ikayamba kugwa pamene muli mu suweji, kapena ntchito ikasintha, monga munalowa kukatsuka koma tsopano mukufuna kuwotcherera, chilolezocho chafa. Mukapita kukadya nsima, pobwera yezaninso. Lamulo la dziko lino la 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pa ntchito limaika udindo woteteza antchito pa olemba ntchito, ndipo mnyamata waganyu amene mwamutenga pa geti m'mawa amapuma mpweya womwewo umene wantchito wokhazikika amapuma.

Fani tingaike mulimonse?

Ayi. Ikankhire mpweya wabwino m'kati kudzera m'paipi yofika pansi, kuti woipa utulukire pakhomo. Fani yongoikidwa pakamwa imazunguza mpweya wa pamwamba pokha. Onaninso kumene ikukoka mpweya. Kuno magetsi amathimathima, ndiye timadalira jenereta, ndipo jenereta ikakhala pafupi ndi fani mukupopera utsi wake kwa mnzanu ali pansi. Iikeni kutali, kumene mphepo ikupita. Magetsi akathima fani n'kuima, munthu atuluke nthawi yomweyo, osadikira kuti mwina abwera.

Musayerekeze kutsitsimutsa dzenje ndi okosijeni wa m'silinda yowotcherera. Okosijeni akachuluka, ovolosi ya mafuta imayaka ngati udzu wouma ndi kamoto kakang'ono.

Masiki amene tili nawo sangathandize?

Kansalu ka fumbi sikatchinga mpweya uliwonse mwa imeneyi. Masiki a zosefera m'mbali amasefa mitundu ina ya poizoni pa mlingo wochepa, koma sapanga okosijeni. Kumene okosijeni wachepa, kapena kumene simukudziwa chimene chilimo, chofunika ndi chopumira cha silinda yapamsana kapena cha paipi yochokera panja, chovalidwa ndi munthu amene anaphunzitsidwa.

Mnzanga wagwa pansi, ndikumuona. Mukundiuza kuti ndingoimirira?

Ili ndi funso lowawa kuposa onse, ndipo sindiliyankha mopepuka. Tinaleredwa kuti mnzako akapsa ndevu umuzimire. Amene ali pansiyo mwina ndi mlamu wanu, mwina mumachokera mudzi umodzi ku Thyolo, munakwera minibasi imodzi m'mawa. Miyendo imafuna kutsika yokha. Koma chimene chamugwetsacho chikadali pomwepo, ndipo inu mutsika mukupuma mwawefuwefu. Kugwira mpweya sikuthandiza: simungatsike mamita anayi, kunyamula munthu wolefuka wa makilogalamu 70 ndi kukwera naye makwerero ndi mpweya umodzi. Bungwe la ku Amereka loona za umoyo wa pa ntchito, NIOSH, linachenjeza mu 1986 kuti mwa anthu ofera m'malo otere, oposa 60 pa 100 alionse anali opita kukapulumutsa anzawo. Dzenje limodzi limameza atatu motere: woyamba, womutsatira, ndi wotsatira wachiwiriyo.

Choncho sindikuti muimirire. Ndikuti ntchito yopulumutsa ichitike munthu asanatsike. Wolowa avale hanesi ya thupi lonse, chingwe chikoledwe kumsana pakati pa mapewa, chipite ku winchi yomangidwa pa chitsulo cha miyendo itatu chimene chaima pamwamba pa khomo. Dzenje likapitirira mita imodzi ndi theka, manja okha sakwanira, pamafunika winchi. Chingwe cha m'chiuno n'choipa: munthu wokomoka amapindika pakati, ndipo wopindika sadutsa pa khomo la masentimita 60. Ndi hanesi amakwera ali chilili, mutu patsogolo.

Mlonda wa pakhomo ntchito yake ndi imodzi. Satumidwa kukatenga sipanala, sayankha foni, sachoka mpaka wina atamulowa m'malo. Amayankhula ndi wa m'katiyo pafupipafupi, ndipo amamvetsera mayankhidwe: munthu akayamba kuyankha mochedwa, kuseka zopanda pake kapena kugwetsa zida, atuluke ngakhale makina asanalire. Zikavuta, mlonda amakuwa kuitana thandizo, amapukusa winchi, amasiya fani ikuzungulira, ndipo amaletsa aliyense kutsika. Pa ntchito imeneyi musaike mnyamata watsopano amene sangathe kukaniza akuluakulu. Pamafunika munthu woti angamuuze kapitawo kuti, "Pepani bwana, simutsika."

Bwanji osangoimbira ozimitsa moto?

Aimbireni ndithu, ndipo nambala yawo ilembedwe pa chilolezo. Koma ubongo ukasowa okosijeni umayamba kuonongeka pakatha mphindi zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi. Ganizirani msewu wa Chipembere nthawi yoweruka, kapena Limbe masana. Ngakhale atanyamuka pomwepo, afika nthawi itadutsa. Iwo ndi thandizo lachiwiri.

Pali malo ena amene winchi singathandize, monga thanki yolowera m'mbali kapena yokhala ndi zipinda ndi mapaipi m'kati momwe chingwe chingakole. Pamenepo pamafunika anthu awiri ophunzitsidwa, zopumira zili zokonzeka pambali pa khomo ntchito isanayambe, ndipo muyeseretu ngati munthu wobereka silinda akukwana pakhomopo. Ngati zimenezi palibe, ntchitoyo siyambika. Ndipo yeserani. Dzazani ovolosi ndi mchenga wolemera ngati munthu, ivekeni hanesi, itsitseni, muone mphindi zimene zikutengereni kuitulutsa. Tsiku loyamba limene tinachita zimenezi tinapeza kuti chitsulo cha miyendo itatu sichikanatha kuima chifukwa cha khoma lomwe linali pafupi ndi khomo, chinthu chimene palibe anachiona pa pepala.

Tamutulutsa. Kenaka?

Mugonekeni pa mpweya wabwino, kutali ndi khomo. Ngati sakupuma, yambani kukanikiza pakati pa chifuwa mwamphamvu, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, ndipo ngati munaphunzira, muzimupumira kawiri mukakanikiza ka 30. Ngati akupuma, mugonekeni chammbali. Galimoto ikhale inakonzedwa kale, dalaivala akudziwika, njira ya ku Queens kapena chipatala chapafupi ikudziwika. Ngakhale atatsitsimuka n'kunena kuti ali bwino, apite ndithu. Haidirojeni safaidi amatha kudzaza madzi m'mapapo patapita maola, munthu ali kunyumba. Auzeni achipatala mpweya umene makina anaonetsa ndi nambala yake.

Ife tilibe makina. Timakumba zitsime ndi kukonza masepitiki m'makomo ku Bangwe ndi ku Machinjiri. Titani?

Sindikunamizani kuti pali njira ya pakhomo yolowa m'malo mwa makina, palibe. Koma pali zinthu zimene zili m'manja mwanu. Mu sepitiki thanki musalowe, zivute zitani. Ipopedwe ndi galimoto kapena ichotsedwe muli pamwamba, ndipo foni kapena fosholo ikagweramo, yapita. Eni nyumba nawonso amve: ndalama ya ganyu imene mukumupatsa mnyamata kuti atsikemo si yofanana ndi chimene mukumupempha.

Pa chitsime, choopsa chachikulu ndi pampu ya petulo. Musaitsitse m'kati, ndipo musaiike pakamwa. Injini yaing'ono imadzaza chitsime ndi kaboni monokisaidi m'mphindi zochepa, ndipo utsiwo umatsala m'menemo injini itazima kale. Pampu ikhale kutali, kumene mphepo ikupita, m'chitsime mulowe paipi yokha. Chitsime chakale chimene chakhala chotseka, kapena chokumbidwa pafupi ndi chimbudzi kapena dzala, chimafuna kuyezedwa ndithu. Ngati mumagwira ntchitoyi m'gulu, sonkherani makina amodzi ndi hanesi imodzi muzibwerekana, kapena pemphani amene akupatsani ntchito kuti abwereke kwa makampani amene ali nazo. Wotsika akhale womangidwa kale asanatsike, chingwe chidutse pa mtanda wolimba wokhala ndi gudumu, ndipo pamwamba pakhale anthu osachepera awiri amene agwirizana kale kuti zikavuta akoka, satsika.